Bango la a Kingstone

A Elson Mwahiwa analowa ntchito ya ukalipentala pa esiteti ina ya tiyi ku Mulanje ndevu zisanamere, ndipo mpaka lero, mutu utayera mbuu, adakali pa tebulo lomwelo lopalira matabwa. Bambo awo anabwera wapansi kuchokera tsidya la Mozambique kudzatchola tiyi, n'kumwalira m'nyumba ya kampani osasiya ngakhale nkhuku. Chimene mwana anatengera kwa atate ake ndi mantha a ntchito. Belu likamalira m'mawa, a Elson amakhala atafika kale. Bwana akamalankhula amavula chipewa, ngakhale bwanayo akhale wa msinkhu wa mwana wawo. Zitseko za m'malaini a antchito, madesiki a kusukulu ya kampani, mashelefu a kukiliniki, zonsezo n'za manja awo. Koma anthu amawadziwa ndi mabokosi a maliro, chifukwa pa esiteti paja wantchito akamwalira kampani imapereka bokosi, ndipo wokhoma wake ndi iwowo.

Mnzawo wa ponda apa m'pondepo anali a Kingstone, mlonda wa pageti la wekishopu. Munthu uja Mulungu anamuumba tsiku limene dothi linachuluka. Kutalika kwake! Pakhomo lililonse ankalowa chowerama. M'minibasi ya ku Boma makondakitala ankamuika kutsogolo, apo ayi maondo ankafika kuchibwano. Ana a ku Milonde, kwawo, ankamutcha Bulugamu, iye n'kumangoseka. Bedi limene ankagonapo ndi akazi awo a Anesi linali lalifupi, kanyumba ka ulonda kanali kakang'ono, bulangete likafunda mapewa mapazi ankakhala panja.

Nthawi ya nkhomaliro awiriwa ankakhala pansi pa mtengo wa mapeyala kuseri kwa wekishopu, akugawana chinangwa chophika ndi nandolo. Kumeneko n'kumene a Kingstone ankakonda kunena nkhani yawo ija.

“Achimwene,” ankatero, “ine chibadwire sindinagonepo nditatambasula miyendo. Moyo wonse ndakhala wopindika ngati chikwakwa. Tsiku langa likadzafika, mudzandikhomere lalitali. Musadzandipinde.”

“Matabwa ake adzachokera kuti? Mudzatha nkhalango yonse inu,” a Elson ankayankha choseka.

“Ndikunenetsa, achimwene.”

“Ndamva. Simudzapindidwa.”

Ankanena chocheza, koma onse awiri ankadziwa kuti si macheza.

Tsopano ndikuuzeni za folomani wa wekishopu, a Hopewell, ngakhale dzina lawo limandiwawa mkamwa. Anali mnyamata wophunzira, wa malaya osita ndi nsapato zonyezimira, wolankhula motsitsa ngati m'busa. Sankakalipa ayi. Nkhanza zawo zinali za kumwetulira. Chaka china a Kingstone anaimitsa thirakitala pageti itanyamula matabwa opanda chilolezo chotulukira, matabwawo akupita kumene a Hopewell ankamanga nyumba yawo ku Thuchila. A Kingstone sanakanene kwa wina aliyense, anangoti matabwa abwerere. Anabwereradi. A Hopewell anathokoza mlonda chifukwa chogwira bwino ntchito, n'kuisunga nkhaniyo mumtima. Paja mlandu suwola.

A Kingstone anamwalira Lachisanu lina m'bandakucha, mwezi wa Okutobala, kunyumba kwawo ku Milonde, atadwala chifuwa masabata angapo. Kunali kutentha kwa mtundu wina, phiri losaoneka ndi utsi wa moto wa m'tchire. Maliro a kumudzi nyengo yotero sachedwetsedwa. Anagwirizana kuti aike Loweruka masana.

Mlamu wa malemu, a Yosefe, anafika pa esiteti ndi njinga dzuwa litapendeka, atatha theka la tsiku ku ofesi ya antchito kudikira kuti jobu kadi ya bokosi ilembedwe. Pa njingayo anamangirira bango lalitali. Kwathu kuno munthu akamwalira samuyeza ndi tepi. Amadula mabango awiri ofanana ndi msinkhu wake, lina limapita kwa adzukulu okumba manda, lina kwa kalipentala. A Elson atalandira bango lija analiimika pambali pawo. Linawapitirira kutali. Anayang'ana kumbali, n'kupukuta m'maso ndi mkono wa ovolosi.

“Achemwali akuti inu mukudziwa zonse,” anatero a Yosefe.

“Kawauzeni alamu kuti lifika mawa dzuwa lisanafike pamutu.”

Analonjeza msanga, osaganiza za mzere wa ntchito. Pa wekishopu paja ntchito imayenda ndi makadi okolekedwa pa msomali, imene yabwera poyamba ndiyo imayamba. Patsogolo pa bokosi panali zikwangwani za malamulo a chitetezo ndi timabokosi ta mankhwala ta m'minda, zofunika Lolemba, tsiku limene kunkabwera alendo odzaona ngati kampani ikusamalira antchito ake. Nyengo ya chilimwe tiyi amachepa, ndiye akalipentala aganyu anali atawaimitsa. A Elson anali okha. Kuti zonse zitheke panafunika ovataimu, ndipo ovataimu pa esiteti sumangoigwira poti wafuna. Folomani amayenera kuvomereza ndi kusaina nthawi yoweruka isanakwane. Akapanda kutero magetsi a makina amazimitsidwa, sitolo ya matabwa imakhomedwa, ndipo wopezeka mkatimo alonda amamulemba ngati wakuba.

A Elson anakasamba m'manja, n'kukagogoda pa kaofesi ka folomani, chipewa chili kumanja.

“Bwana, ndabwera kudzapempha ovataimu ya lero. Maola atatu kapena anayi. Ndi bokosi la a Kingstone.”

A Hopewell anali pa foni yawo. Anawasiya ataima mpaka atamaliza zimene ankawerenga.

“Pepani ndithu, ndamva za mnzanu. Anali munthu wokhulupirika zedi.” Anamwetulira. “Koma madala, mwezi uno a injiniya atiuza kuti ovataimu tichepetse. Komanso m'sitolo muli mabokosi awiri okhomakhoma. Munakhoma nokha.”

“Amene aja ndi a msinkhu wa anthu wamba, bwana. Salowamo. Bango lake ndi ili.”

A Hopewell anayang'ana bango kuyambira pansi mpaka kudenga, pang'onopang'ono.

“Kampani ikhale ikuyeza aliyense ndi bango?”

“Ngati ndi ndalama, bwana, musandilipire. Mungondisiyira magetsi ndi matabwa.”

“Mukufuna kundimangitsa? Munthu kugwira ntchito maola osalembedwa, sabata ya alendo? Mukadula chala pa makina usiku, ayankhe ndani? Malamulo mumawadziwa kuposa ine, madala.”

Apa sananame, lamulolo lilipodi, ndipo analiika kuti liteteze wantchito. Chimene chimandipsetsa mtima n'chakuti foni inali m'manja mwawo. Kuimbira a injiniya n'kunena kuti kwagwa maliro a wantchito kukanatha kamphindi. Zinkachitika kawirikawiri.

“Ndiye mawa m'mawa ndiyambe ndi bokosi, bwana. Zikwangwani zidikire.”

“Tidzaona mawa. Kagoneni.”

Belu linalira. A Hopewell anazimitsa magetsi ndi dzanja lawo, n'kukhoma chitseko a Elson akuona.

Munthu wina akanatukwana. Wina akanapita yekha kunyumba kwa a injiniya kukagwada pakhonde. A Elson anaganizapo, anafika mpaka pa mphambano ya msewu wopita kunyumba za mabwana, n'kuima. Kulumpha folomani ndi mlandu. Nyumba imene ankagonamo inali ya kampani, penshoni inali pafupi, ndipo mawu akuti “tidzaona” anawamva ngati “inde” wochedwa. Anabwerera. Madzulo amenewo anayenera kukagona kumaliro monga amachitira anzake a munthu, koma Milonde ndi kutali, ndipo anaopa kuchedwa m'mawa. Akazi awo a Esteri ndi amene anapita.

Loweruka amaweruka masana. A Elson anafika kusanache bwino, n'kudikira pachitseko. A Hopewell atabwera sanadikire n'komwe kufunsidwa.

“Mzere ndi mzere, madala. Zikwangwani kaye. Mukafulumira, za mnzanu tikambirana.”

Anafulumiradi, munthu wamkulu kuthamanga pakati pa makina ocheka ndi tebulo ngati mnyamata, utuchi uli mbuu kumaso, thukuta lili kamukamu. Tiyi sanamwe. Koma zikwangwani zinali zambiri, chilichonse ndi miyendo yake, ndipo dzuwa litayandikira pamutu ntchito inali isanathe. Anapitanso kukagogoda.

“Bwana, nthawi yatha. Ndikupemphanso ovataimu. Manda akumba kale.”

Ulendo uno a Hopewell anatulutsa pepala msanga, ngati ankayembekezera.

“Mwapempha nokha eti?”

“Ndapempha ndekha, bwana.”

“Sainani apa. Mumalize za Lolemba, kenako mukhome bokosi lanu. Matabwa aatali ndakutulutsirani kale, ali pakhomo pa sitolo.”

A Elson anasaina osawerenga. Anathokoza kawiri, anawombanso m'manja. Ndikakumbukira kuwomba m'manja kumeneko ndimamva manyazi m'malo mwawo. Anathamangira kumene anakoleka jekete, n'kuimbira a Yosefe.

“Auzeni abusa atalikitse mwambo. Dzuwa likamapendeka ndifika nalo pa thirakitala. Musachite china chilichonse.”

“Thupi lasintha, a Elson. Kwatentha.”

“Ndikudziwa. Pirirani pang'ono.”

Anabweza foni m'thumba la jekete, poti pa makina saloledwa kukhala nayo, n'kubwerera kuntchito. Makina opalira matabwa akalira m'wekishopu muja sumva ngakhale bingu. Sanamve thirakitala ikuima kuseri kwa sitolo, sanamve ikunyamuka. Sanamvenso foni.

Chikwangwani chomaliza chitaima, anakokera matabwa aatali aja patebulo. Anali a paini wabwino, ouma, opanda mfundo zambiri. Anagoneka bango pamwamba pake n'kulemba ndi pensulo, akuwonjezera zala zinayi kumutu ndi zinayi kumapazi, kuti munthu agone momasuka. Apa mpamene mtima wawo unakhala pansi koyamba chimwalirire mnzawo. Ankalankhula naye chamumtima, kumuseka kuti wathadi nkhalango. Anacheka, anapala, analumikiza thabwa la pansi ndi a m'mbali. Anali akukhoma la kumapazi pamene munthu anaima pakhomo n'kutchinga kuwala.

Anali Kondie, dalaivala wa thirakitala, fumbi lili thupi lonse.

“Madala, kwagwanso maliro ena?”

“Ena ati? Ndi a Kingstone awa. Kaimike thirakitala pafupi, ndatsala ndi chivundikiro.”

Kondie anayang'ana bokosi, anayang'ana a Elson, n'kuvula kapu.

“A Kingstone ndachokera kowaika ine. Afolomani anandipatsa la m'sitolo nthawi yoweruka ija. Anati inu mwatanganidwa ndi za alendo, mwatumiza limenelo.”

Hamala inakhala m'manja mwa a Elson kanthawi. Kenako anaiika patebulo bwinobwino, pamalo pake, n'kupita kukaofesi. Sanagogode, koyamba m'moyo wawo. A Hopewell anali akutseka mawindo.

“Bwana, munati ndikhome bokosi.”

“Ndinatero. Ndakuletsani?”

“Mwatumiza lalifupi.”

“Ndinaona kuti simumaliza nthawi yabwino. Ndinawamvera chisoni anamfedwa, thupi lingawonongeke. Kadi ija ndaitseka, kampani yapereka bokosi monga mwa lamulo.” Anatenga pepala lija patebulo n'kuwaonetsa. “Ovataimu yanu ndi ya zikwangwani, a injiniya anavomera mosavuta. Mulandira ndithu, musadandaule. Munapempha nokha.”

“Ndinapempha ya Kingstone.”

“Pamene munasaina sipanalembedwe Kingstone.” Anatenga makiyi. “Chimene mwakhomacho musachiphwasule. Matabwa aja ndinawatulutsa pa kadi ya benchi la pageti, alendo adzafuna pokhala. Lolemba m'mawa mudzachikonze. Tulukani, ndikhome.”

Anatuluka. Mukufuna ndinene kuti anamenya munthu, kapena anaponya makiyi kumaso? Sanatero. Anatenga jekete ndi bango, napeza pa foni kuti a Yosefe anaimba kambirimbiri, a Esteri nawonso. Anakwera kabaza wa njinga yamoto mpaka ku Milonde, bango atalinyamula choimika ngati ndodo ya mbendera.

Anafika dzuwa litafiira, anthu akubalalika. Azimayi anali kutsuka miphika kuseri, amuna ochepa atakhala pansi pa mtengo wa mango. Atawaona macheza anaduka. A Esteri anabwera kudzawalandira, maso ali otupa. A Yosefe anaimirira n'kuwatengera pambali.

“Tinadikira,” anatero. “Abusa analalikira mpaka mawu anatha, kwaya inabwereza nyimbo. Foni yanu simunkayankha. Dalaivala anati bokosi ndi lomweli, lina kulibe. Ena anati tichotse thabwa la kumapazi, koma munthu angapite kumanda mapazi ali panja? Ena anati mphasa, achemwali anakana. Manda okumba sagona, mukudziwa. Ndipo m'nyumba muja simunkakhalika.”

“Ndiye munatani?”

A Yosefe anayang'ana pansi.

“Adzukulu anatulutsa azimayi onse. Anatseka chitseko. Thupi linali litatupa, maondo akapindika chivundikiro sichinkatseka. Kwaya tinaiuza kuti iimbe mokweza.”

A Anesi anali pakhonde, atatsamira khoma, mpango wakuda kumutu. A Elson anagwada patali pang'ono, n'kuika bango pansi.

“Alamu,” anatero a Anesi, mawu ali osasa, “mwamaliza ntchito ya kampani?”

“Anandinamiza, alamu. Ndinapempha…”

“Kwaya inaimba, koma ndinamva mafupa akuthyoka. Ndinali kuseri kwa khomali.” Sanalire, misozi inali itatha. “Masiku ake omaliza ndinkamuuza kuti tiyambe kufunsa akalipentala akuno, tigulitse mbuzi. Ankandikalipira. Ankati Elson alipo.”

Anatembenukira kukhoma. A Elson anakhalabe chogwada mpaka a Esteri anadzawadzutsa.

Mkulu wa adzukulu, bambo wina wachikulire wa dothi lofiira m'miyendo, anavomera kuwaperekeza kumanda kusanade. Mtumbira unali wautali kuposa yonse yozungulira, nkhata zamaluwa a pulasitiki zili pamwamba. Pambali pake panagona bango lina lija, mnzake wa limene a Elson ananyamula.

“Ife tinakumba molingana ndi bango,” anatero mkuluyo. “Dothi la chilimwe ndi mwala, koma anyamata sanadule ngakhale chala chimodzi. Titatsitsa bokosi, kumapazi kunatsala malo oti mwana n'kukhalapo. Tinangothiramo dothi.”

Lolemba a Elson anafika belu lisanalire. Anachotsa thabwa limodzi la m'mbali, anaika miyendo, anapaka vanishi. Alendo anabwera, anakhalapo podikira galimoto, anajambula zikwangwani, anapita. Mwezi utatha ovataimu ija inalowadi pa malipiro, yonse, popanda kuchotsapo.

Benchilo lidakali pageti la wekishopu. Ndi lalitali kuposa mabenchi onse a pa esiteti, ndipo mlonda watsopano amalikonda chifukwa nthawi yopuma amagonapo chagada, miyendo atatambasula, malo n'kutsalako. A Elson amadutsa pamenepo m'mawa ndi madzulo, chipewa chili kumanja ngati a Hopewell ali pafupi. Nkhomaliro amadyera m'wekishopu, choimirira. Bango lija analisomeka kudenga pamwamba pa tebulo lawo, ndipo mlonda watsopanoyo atawafunsa tsiku lina kuti n'lachiyani, anangoti ndi muyeso wa ntchito imene sanamalize.